Njira ya Silika: katundu ankapitirira, eni ake n'kubwerera panjira

*Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasekondale ina m'boma la Ntchisi. Ndinaonetsa ana mapu a Njira ya Silika, mzere umodzi kuchoka ku China mpaka ku Roma. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti munthu ankatenga miyezi ingati kuti aimalize njirayo. Anafunsanso kuti ngati matenda ankayenda ndi anthu, bwanji odwalawo sankafera panjira matendawo n'kuthera pomwepo? Ndinasowa chomuyankha.*

Aphunzitsi, mwanayo wagwira penipeni pamene mapu aja amanama. Mzere umodzi uja sunakhalepo. Ngakhale dzina loti Njira ya Silika si la anthu amene ankayenda m'menemo. Analitchukitsa ndi Mjeremani wina wodziwa za malo, Ferdinand von Richthofen, mu 1877, patapita zaka mazana ambiri ngamila zitasiya kukhala nsanamira ya malondawo. Eni ake ankangoti njira ya ku Samarkand, njira ya kumpoto, njira ya kum'mwera, malinga ndi mzinda wotsatira umene ankapitako.

Tiyeni timuwerengere kaye miyezi yakeyo, chifukwa masamu ake ndi apafupi. Kuchoka ku Chang'an, likulu lakale la China lomwe lero ndi Xi'an, kukafika ku Antiokeya m'mphepete mwa nyanja ya Mediteraniyani, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 6,500, ndipo umachuluka kapena kuchepa malinga ndi kumene mwadzera. Ngamila ya malinunda awiri, yomwe ndiyo imapirira kuzizira kwa kumeneko, ikasenza katundu imayenda makilomita 30 kapena kuposa pang'ono patsiku. Ndiye kuti masiku oyenda okhaokha ndi oposa 200, miyezi isanu ndi iwiri. Komatu ngamila imafuna kupuma ndi kudya, mipata ya m'mapiri a Pamir imatsekeka ndi chipale m'nyengo yozizira, ndipo pamalire alionse pali mfumu yofuna msonkho ndi chiphaso. Marco Polo ananyamuka ku Ulaya mu 1271 nafika kwa mfumu Kublai Khan mu 1275. Iyeyo anayenda nthawi imene Amongolo ankalamulira pafupifupi njira yonse. M'nthawi ya Aroma, zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe, palibe wamalonda amene ankachoka ku Roma kukagula silika ku Chang'an.

Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi ndi ya Gan Ying. Mu 97 AD mkulu wa asilikali a China kumadzulo, Ban Chao, anatuma Gan Ying kuti akaone dziko lalikulu limene ankangolimvera mbiri, lomwe iwo ankalitcha Da Qin, kutanthauza ufumu wa Roma. Munthuyo anayenda ndithu, anadutsa dziko la Apati, kumene lero kuli Iran ndi Iraq, mpaka anaima m'mphepete mwa nyanja. Pamenepo amalinyero a kumeneko anamuuza kuti mphepo ikakhala yabwino amaoloka m'miyezi itatu, koma ikavuta ulendowo umatha zaka ziwiri, ndipo ena amafa ndi kupukwa kwawo. Gan Ying anachita mantha nabwerera. Sanadziwe kuti mizinda ya Aroma ku Siriya inali pafupi, ulendo wa milungu ingapo pamtunda. Mbiri yolembedwa ya mafumu a Han imanena poyera kuti Apati sankafuna Aroma ndi Achina akumane, chifukwa iwo ndiwo ankadyera pakati pa malonda a silika. Mbali inayo umbuli unali womwewo. Pliny Wamkulu, mlembi wa Chiroma amene anamwalira mu 79 AD, ankadandaula kuti ndalama za Roma zikuthera ku India, Arabiya ndi dziko la anthu a silika, koma iye ankakhulupirira kuti silikayo amamupesa pamasamba a mitengo. Ankavala chinthu chimene sankadziwa kuti chimachokera m'kamwa mwa mbozi.

Tsono katunduyo ankayenda mopatsirana. Mukaona mmene usipa umachokera kunyanja, msodzi kugulitsa kwa mayi woyanika, mayiyo kwa wapikulitsa, wapikulitsa kwa wapamsika wa m'tauni, mwaona chithunzi chake, kungoti kumeneko manjawo anali ochuluka ndipo aliyense anali ndi chiyankhulo chake, mfumu yake ndi mulungu wake. Kuchoka ku Chang'an njira inkadzera mumpata wautali wa Gansu, mapiri uku chipululu uku, mpaka ku Dunhuang. Pamenepo inkagawikana kuti ilambalale chipululu cha Taklamakan. Ina inkadzera kumpoto, ku Turfan ndi Kucha, ina kum'mwera, ku Khotan, ndipo zinkakumananso ku Kashgar. Mizinda yonseyi inamangidwa pamene timitsinje tochokera ku chipale cha m'mapiri timafika tisanamwerere mumchenga. Mmonke wina wa Chibuda, Faxian, amene anadutsa chipululu cha kumadzulo kwa Dunhuang cha m'ma 400, analemba kuti munalibe mbalame kumwamba kapena nyama pansi, ndipo chokulozera njira chinali mafupa a anthu amene anafa. Kupitirira Kashgar kunali mapiri, kenako Samarkand, Bukhara, Merv, dziko la Perisiya, Mesopotamiya, Palmyra. Wamalonda wamba ankadziwa kachigawo kake kokha, mizinda iwiri kapena itatu, akagulitsa n'kubwerera.

Tikudziwa izi chifukwa cha zinyalala. Ku Turfan kunali mwambo wosokera maliro nsapato, zipewa ndi malamba kuchokera ku mapepala otha ntchito a m'maofesi a boma. Chifukwa dzikolo ndi louma kwambiri, mapepalawo sanaole, ndipo akatswiri akhala akuwasomola n'kuwalumikiza. Mwa zimene zapezeka ku Turfan muli ziphaso za ulendo. Chimodzi ndi cha wamalonda wotchedwa Shi Randian, cha m'ma 732, ndipo chimaonetsa gulu la anthu ochepa okha ndi ziweto zosenza katundu khumi, akuzungulira m'mizinda yoyandikana, pachipata chilichonse mlonda akuwerenga anthu ndi ziweto n'kulemba pachiphasocho. Magulu ambiri amene timawapeza m'zolemba zimenezi ndi aang'ono chotere. Mdipiti wa ngamila mazanamazana umene amajambula m'mabuku unkachitika, koma kawirikawiri unali wa boma kapena wa nthumwi za mafumu.

Apa ndiye pali mfundo imene ine ndimaiona kuti imasowa m'makalasi. Chimene chinatsegula njirayi ndi nkhondo. Mu 138 BC mfumu Wu ya ufumu wa Han inatuma Zhang Qian kumadzulo kukafuna ogwirizana nawo polimbana ndi a Xiongnu, anthu oweta ziweto amene ankavutitsa malire a kumpoto. Anagwidwa ndi adani omwewo, anakhala nawo zaka pafupifupi khumi, ndipo atabwerera kwawo patatha zaka 13 anali awiri okha mwa anthu oposa 100 amene ananyamuka. Mgwirizano sanaupeze. Anabwera ndi uthenga wa mahatchi amphamvu a ku Ferghana ndi mizinda yolemera, ndiponso anafotokoza kuti pamsika wa ku Bakitiriya, kumpoto kwa Afghanistan wa lero, anapeza nsalu ndi ndodo za nsungwi zochokera ku Sichuan, m'dziko lake lomwe, zitafika kudzera ku India. Katundu anali atamutsogolera kale kazembe. Chimene mafumu a Han anawonjezera ndi misasa ya asilikali, nsanja za alonda ndi malo ogona amithenga, ndipo zonsezi zinkafunika kulipiridwa.

Ankalipira ndi silika. Ife tikamva silika timaganiza chovala cha anthu olemera, koma ku China mpukutu wa silika wosakongoletsa unali ndalama. Alimi ankaweta mbozi pozidyetsa masamba a mabulosi. Mbozi ikadzikulunga m'chikwa, chikwacho amachiviika m'madzi otentha gulugufe asanaboole, kuti ulusi usaduke, ndipo chikwa chimodzi chimatulutsa ulusi umodzi wotalika mamita mazana angapo. Amayi ankaomba nsalu pakhomo ndipo banja linkapereka ina ngati msonkho. M'nthawi ya mafumu a Tang mpukutu wa boma unali ndi muyeso wake, mamita pafupifupi 12 m'litali ndi theka la mita kapena kuposerako pang'ono m'lifupi, choncho aliyense ankadziwa mtengo wake. Makobili 1,000 a mkuwa ankalemera makilogalamu pafupifupi anayi, ndipo kunyamula malipiro a gulu lonse la nkhondo m'makobili kudutsa chipululu kukanapha ngamila. Silika ndi wopepuka, saola msanga, ndipo mlendo aliyense ankamulandira. Cha m'ma 730 ndi 740 boma la Tang linkatumiza mipukutu pafupifupi 900,000 pachaka ku misasa yake ya kumpoto chakumadzulo. Akuluakulu a asilikali ankagula nayo tirigu ndi mahatchi, msilikali ankagula nayo chakudya ndi mowa, ndipo silikayo ankathera m'manja mwa amalonda a m'mizinda ya m'chipululu, amene ankamukankhira kumadzulo. Makolo athu kuno anaona zofanana, nthawi imene Ayao ndi Abisa ankabwera ndi nsalu kuchokera kugombe la nyanja ya India ndipo mikono ya nsalu ndiyo inali mtengo wa minyanga ndi malipiro a amtengatenga.

Umboni woti boma ndilo linali mtima wa malondawo unaoneka mu 755. Chaka chimenecho mkulu wa asilikali An Lushan anaukira mfumu, ndipo boma linaitana asilikali ake a kumadzulo kuti abwere kudzateteza likulu. Mipukutu ija inasiya kufika. Zolemba za ku Dunhuang za zaka zotsatira zimaonetsa anthu akugulitsana ndi tirigu ndi nsalu zoombedwa konko, malonda atabwerera kukhala a m'dera.

Anthu amene ankagwira pakati pa unyolowu kwa zaka mazana ambiri anali Asogidiya, eni ake a Samarkand ndi Bukhara. Luso lawo linali kukhazikitsa abale awo m'mizinda yonse ya panjira, kuti ngongole, uthenga ndi katundu zizidutsa m'manja odalirika. Mu 1907 wofukula zakale Aurel Stein anapeza thumba la makalata awo m'bwinja la nsanja ya alonda kumadzulo kwa Dunhuang, makalata a cha m'ma 313 amene sanafike kumene ankapita. Imodzi inalembedwa ndi Nanai-vandak kwa akuluakulu ake ku Samarkand. Akuwauza kuti mzinda wa Luoyang watenthedwa, mfumu yathawa chifukwa cha njala, ndipo anzawo amene anali kumeneko afa ndi njala. Makalatawo amatchula siliva, golide, tsabola, nsalu ndi zonunkhiritsa, pamiyeso yoti munthu akhoza kunyamula pa ziweto zochepa. Awiri mwa makalatawo ndi a mayi wotchedwa Miwnay, amene mwamuna wake anamusiya ku Dunhuang ndi mwana wamkazi, wopanda ndalama. Akudandaula kuti anamvera mwamunayo m'malo momvera amayi ake ndi alongo ake, ndipo akumuuza kuti kukanakhala bwino kukwatiwa ndi galu kapena nkhumba. Ine kalata imeneyi ndimaiwerengera ophunzira anga chaka chilichonse, ndipo nthawi zonse m'chipindamo mumati zii. Mayiyu nayenso ndi mbiri ya njirayi, ndipo mawu ake anakhala mumchenga zaka pafupifupi 1,600 osamvedwa ndi amene anawalembera.

Makalata amenewa analembedwa papepala, ndipo pepala ndilo likutiphunzitsa kusiyana kwa katundu ndi luso. Mbiri ya China imati Cai Lun anapereka kwa mfumu njira yopangira pepala mu 105 AD, pogwiritsa ntchito makungwa, luzi, sanza ndi maukonde akutha, ngakhale kuti tizidutswa ta mapepala akale kuposa pamenepo tapezeka m'manda. Kapangidwe kake n'kosavuta kukafotokoza. Amasinja zinthuzo m'madzi mpaka zisanduke phala, amamiza sefa yafulati n'kuitukula kuti phala lopyapyala litsalire pamwamba, kenako amafinya ndi kuyanika. Pepala lopangidwa kale linafika msanga m'manja mwa Asogidiya, monga taonera mu 313. Koma luso lolipanga linachedwa kwambiri, chifukwa luso silikwera ngamila lokha. Pamafunika munthu wolidziwa asamuke, ndipo kumene wapitako kukhale anthu ofuna mapepala ambiri.

Mabuku ambiri amati lusoli linaoloka mu 751, pankhondo ya pamtsinje wa Talas, pamene asilikali a ufumu wa Chisilamu wa Abasidi anagonjetsa a Tang n'kugwira akaidi odziwa kupanga mapepala, amene anakaphunzitsa anthu a ku Samarkand. Nkhondoyo inachitikadi. Koma nkhani ya akaidiyo timaimva kwa mlembi al-Tha'alibi, amene anakhalapo patapita zaka zoposa 200, ndipo anthu a dera la Samarkand ankagwiritsa kale ntchito pepala nkhondoyo isanachitike, monga zikuonetsera zolemba za paphiri la Mugh za cha m'ma 722. Ine ndimawauza ophunzira kuti Talas ndi chikhomo chothandiza kukumbukira nthawi, koma chimene chinasintha zinthu ndi ufumu wa Abasidi wokhala ndi alembi ambirimbiri ku Baghdad. Boma lotere linkafuna cholembapo chotchipa. Zikopa zinali zodula, ndipo munthu wachinyengo ankatha kupala inki pachikopa n'kusintha chiwerengero, pamene papepala inki imalowerera, ukafufuta zimaoneka. Pofika cha m'ma 794, mu ulamuliro wa Harun al-Rashid, mapepala ankapangidwa mu Baghdad momwemo, kuchokera ku sanza za bafuta. Mabuku anachuluka, ndipo ntchito yomasulira nzeru za Agiriki, Aperisiya ndi Amwenye m'Chiarabu inapeza polembapo. Kuchoka apo lusoli linapita ku Damasiko ndi Iguputo, linafika ku Xàtiva m'dziko la Spain m'zaka za m'ma 1100, ku Fabriano ku Italy m'zaka za m'ma 1200, ndi ku Nuremberg mu 1390. Kuchoka kwa Cai Lun kufika ku Nuremberg ndi zaka pafupifupi 1,300. Mawu athu oti pepala amachokera, kudzera m'Chingerezi, ku dzina lakale la gumbwa amene Aiguputo ankalembapo, koma chinthu chimene ana anu akulembapo m'kalasi ndi mdzukulu wa phala la Cai Lun, osati wa gumbwa.

Luso loweta mbozi za silika linayenda mofananamo, pang'onopang'ono ndiponso mobisa. Ku Khotan ankasimba za mwana wamkazi wa mfumu ya China amene anabisa mazira a mbozi ndi njere za mabulosi m'chovala chake cha kumutu popita kukakwatiwa. Mlembi Procopius akuti cha m'ma 552 amonke ena anabweretsera Justinian, mfumu ya Aroma a kum'mawa, mazirawo ku Constantinople, kuti asamadalirenso adani ake a ku Perisiya.

Zipembedzo nazo zinkadutsa m'manja ambiri, ndipo zinkafika zitavala chiyankhulo cha amene anazinyamula komaliza. Chibuda chinabadwira ku India, koma mmodzi mwa oyamba kumasulira malemba ake m'Chitchaina anali An Shigao wa dziko la Apati, amene anafika ku Luoyang mu 148, ndipo womasulira wotchuka Kumarajiva, amene anafika ku Chang'an mu 401, anali wa ku Kucha. Ku Xi'an kuli mwala umene unaimikidwa mu 781, wolembedwa m'Chitchaina ndi m'Chisiriya, wofotokoza kuti mtumiki wachikhristu wotchedwa Alopen anafika mumzindawo mu 635. Akhristu a mpingo wa Kum'mawa umenewu muwakumbukire, chifukwa manda awo ndiwo ayankha funso lachiwiri la mtsikana wanu.

Iye akunena zoona kuti wodwala kwambiri sangayende miyezi isanu ndi iwiri. Matenda amene amadutsa mtunda wautali m'thupi la munthu mmodzi ndi aja okhalitsa, osapha msanga. Chitsanzo chake chinapezeka ku Xuanquanzhi, malo ogona amithenga a boma la Han pafupi ndi Dunhuang. M'chimbudzi cha pamalopo munapezeka timitengo tokulungidwa kansalu kunsonga, timene anthu ankadzipukutira. Mu 2016 akatswiri atayeza zotsalira pa timitengoto anapeza mazira a nyongolotsi zingapo, kuphatikizapo kanyongolotsi kena kamene kamakhala m'chiwindi. Kameneka kamafuna nkhono za m'madzi ndi nsomba kuti kaswane, monga likodzo limafunira nkhono, choncho sikangakhale m'chipululu. Madambo apafupi kumene kamapezeka ali pamtunda wa makilomita osachepera 1,500. Ndiye kuti munthu wina anadya nsomba yosapsa kum'mawa kapena kum'mwera kwa China, nayenda nako m'mimba mpaka kumalire a chipululu.

Matenda opha msanga amayenda mwa njira ina, njira yomwe ija ya silika, yopatsirana. Wodwala safunika kufika ku Roma. Akungofunika kufika pachitsime chotsatira, kapena kugona m'nyumba ya alendo imodzi ndi munthu amene mawa akupita kwina. Ndipo mliri woopsa kuposa yonse, mliri wa makoswe umene unapululutsa Ulaya m'zaka za m'ma 1300, sunkadalira ngakhale munthu. Kachilombo kake, kotchedwa Yersinia pestis, kwawo ndi m'matupi a nyama zokumba mauna za m'madambo ndi m'mapiri a pakati pa Asia, zamtundu wa mbewa ndi agologolo, ndipo kamadumpha ndi nthata. Nthata ikayamwa magazi a nyama yodwala, tizilomboto timachulukana n'kuitseka kummero, imamva njala yosatha, imaluma chilichonse n'kulavulira tizilombo pabalapo. Makoswe akafa, nthata zimasamukira kwa anthu. Munthu akalumidwa amatha masiku angapo ali bwinobwino, kenako amatentha thupi, amatuluka mwanabere wamkulu m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, ndipo popanda mankhwala oposa theka la odwala amafa pasanathe masiku khumi. Matendawa akalowa m'mapapo amafala ndi chifuwa ndipo amapha pafupifupi aliyense. Chizindikiro chimene anthu a m'madera a mliriwu anaphunzira kuopa ndi makoswe kuyamba kufa okha m'nyumba ndi m'nkhokwe.

M'chigwa cha Chüy, kufupi ndi nyanja ya Issyk-Kul m'dziko la Kyrgyzstan, muli manda awiri a Akhristu aja a Kum'mawa, anthu amene ankakhala pamphambano ya malonda. Miyala ya pamanda ili ndi zaka zake, yolembedwa m'Chisiriya. Mwa miyala 467 ya pakati pa 1248 ndi 1345, miyala 118 ndi ya zaka ziwiri zokha, 1338 ndi 1339, ndipo ina imanena kuti mwini manda anafa ndi mliri. Mu 2022 gulu la akatswiri, mwa iwo Maria Spyrou ndi Philip Slavin, linalengeza kuti lapeza DNA ya kachilombo kaja m'mano a anthu atatu a m'mandamo, ndipo mtundu wake ndi kholo la umene unapha anthu ku Ulaya zaka zochepa pambuyo pake. Mitundu yoyandikana nawo kwambiri ikupezekabe lero mwa nyama za m'mapiri a Tian Shan, konko komweko.

Tsopano muwerenge naye zaka mtsikanayo. Ku Chüy 1338. M'dera la mtsinje wa Volga ndi kumpoto kwa Nyanja Yakuda 1346. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000, umene ngamila ikhoza kuumaliza m'miyezi inayi, koma mliri unatenga zaka zisanu ndi zitatu. Zimenezi zikutiuza kuti sunakwere gulu limodzi la amalonda. Unkayaka pamalo, n'kulowa mwa makoswe ndi nyama za m'tchire, n'kudikira, n'kudumphanso ndi thumba la tirigu, mtolo wa zikopa kapena gulu la asilikali. Ufumu wa Amongolo, umene unachititsa kuti njira zikhale zotseguka ndi zodzaza anthu kuposa kale, unatsegulanso njira ya nthata.

Utafika kunyanja liwiro lake linasintha. Ku Kaffa, doko la amalonda a ku Genoa ku Crimea, kuli nkhani yotchuka yoti asilikali a Amongolo amene anazinga mzindawo ankaponya mitembo ya ofa ndi mliri kudutsa linga. Amene analemba zimenezi, Gabriele de' Mussi, anali kwawo ku Piacenza ku Italy ndipo sanaone ndi maso. Wolemba mbiri Hannah Barker anaonetsa kuti nthawi yake ikugwirizana bwino ndi chinthu china: pamene nkhondo inali mkati malonda a tirigu anaimitsidwa, ndipo mtendere utabwera mu 1347 zombo za tirigu zinayambanso kuchoka m'madoko a Nyanja Yakuda. Chombo cha tirigu ndi nyumba ya makoswe. Chaka chomwecho mliri unafika ku Constantinople, mu Okutobala unali ku Messina pachilumba cha Sicily, ndipo posachedwa unali ku Alekizandiriya. Pofika 1351 unali utazungulira pafupifupi Ulaya yense, ndipo unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse, m'madera ena theka la anthu. Iguputo ndi Siriya anavutika chimodzimodzi.

Anthu a nthawiyo sankadziwa za nthata, koma anazindikira zomwe mwana wanu wazindikira, kuti matenda opha msanga ali ndi masiku ake ndipo akasowa wina womulowa amathera pomwepo. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik m'dziko la Croatia, unalamula kuti aliyense wochokera kudera la mliri, kaya pachombo kaya pamtunda, azikhala kaye masiku 30 kunja kwa mzinda, pakachilumba ka Mrkan kapena ku Cavtat, asanaloledwe kulowa ndi katundu wake. Mizinda ina ya ku Italy pambuyo pake inaonjezera masikuwo kufika 40.